Buledi mmodzi, makhitchini atatu: ntchito yomasulira kaphikidwe m'Chisipanishi

Mayi wa ku Buenos Aires akalowa m'golosale n'kupempha *manteca*, wogulitsa amamupatsa batala. Mayi wa ku Mexico City akapempha *manteca* yomweyo, amabwerera kunyumba ndi mafuta a nkhumba. Onse awiri akulankhula Chisipanishi cholongosoka, ndipo palibe amene walakwitsa. Koma buku la zophikaphika likangolemba mawu amenewa osanena kuti likulankhula ndi ndani, keke ya mmodzi mwa amayi awiriwa ituluka mu uvuni ikununkha nyama.

Chisipanishi ndi chilankhulo cha boma m'mayiko 20, kuphatikizapo Equatorial Guinea kuno ku Africa, komanso pachilumba cha Puerto Rico. Anthu pafupifupi 500 miliyoni anayamwira chilankhulochi. Pa nkhani za ndale, za mpira kapena za tchalitchi, munthu wa ku Madrid ndi mnzake wa ku Lima amamvana bwinobwino. Kumene amasiyana kwambiri n'kumsika ndi kukhitchini. Chifukwa chake chili m'mbiri: Asipanishi atafika ku Amereka kuyambira mu 1492, anapeza mbewu zimene sankazidziwa, ndipo dera lililonse anatengera dzina limene eni nthaka ankagwiritsa ntchito. Ku Mexico anatola mawu a Chinawatulu, chilankhulo cha Aaziteki. Kumapiri a Andes anatola a Chikechuwa, ndipo kuzilumba za Caribbean anatola a Chitaino.

N'chifukwa chake womasulira malangizo a kaphikidwe asanalembe liwu ndi limodzi lomwe, amayamba wafunsa kuti wophikayo ali kuti, amagula m'sitolo yotani, ndipo uvuni wake walembedwa manambala amtundu wanji. Kuti zimenezi zioneke bwino, nkhani ino itsatira chakudya chimodzi chokha: buledi wa chimanga wa ku United States, amene kwa ife angafanane ndi chikondamoyo, akumasuliridwa kuchokera m'Chingerezi kupita kwa ophika atatu, wa ku Spain, wa ku Mexico ndi wa ku Argentina.

Malangizo ake ndi osavuta. Pafunika kapu imodzi ya ufa wa chimanga, kapu imodzi ya ufa wa tirigu, kota ya kapu ya shuga, sipuni yaikulu imodzi ya pauda wotupitsa, theka la sipuni yaing'ono ya mchere, kapu imodzi ya mkaka wosasa, mazira awiri, kamtanda kamodzi ka batala ndi kapu imodzi ya maso a chimanga chachiwisi. Zonsezi zisakanizidwe n'kuikidwa mu uvuni wa madigiri 400 kwa mphindi 20 mpaka 25. Mizere yake ndi yochepa, koma pafupifupi mzere uliwonse uli ndi mbuna yake.

Ufa wa chimanga uli mitundumitundu

Mbuna yoyamba ili pa mzere woyamba womwe. Dikishonale ingauze womasulira kuti ufa wa chimanga ndi *harina de maíz*, ndipo si bodza. Vuto ndi lakuti mawuwa amaloza matumba osiyana m'mayiko osiyana.

Ku Mexico, munthu akamva *harina de maíz* amaganiza za ufa wophikira *tortilla*, timikate tathyathyathya timene ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Chimanga chopangira ufa umenewu chimayamba chawiritsidwa m'madzi a laimu, n'kugonekedwa momwemo, kutsukidwa, kenako kuperedwa. Njira imeneyi ndi yakalekale, ndipo imasintha fungo la chimanga, kakomedwe kake ndiponso mmene ufawo umamwera madzi. Ukaikidwa mu buledi wathu uja, phala lake limalimba, bulediyo amatuluka wothinana ndipo amanunkhira ngati *tortilla*.

Ku Venezuela ndi ku Colombia mawu omwewo amaloza ufa wina, wophikidwa kale n'kuumitsidwa, umene amapangira timikate totchedwa *arepa*. Ufa wotchuka wamtunduwu, Harina P.A.N., unayamba kugulitsidwa ku Venezuela mu 1960. Umamwa madzi mofulumira kwambiri, moti phala la buledi limauma wophika asanamalize n'komwe kutakasa. Ku Argentina ufa wachikasu wokhakhala umadziwika kwambiri ndi dzina loti *polenta*, limene linabwera ndi Ataliyana ambirimbiri amene anasamukira kumeneko, ndipo ndi umenewu umene uli pafupi ndi zomwe mwini malangizo ankafuna. Ku Spain *harina de maíz amarilla* imapezeka, makamaka kumpoto, ku Galicia ndi ku Asturias, kumene anthu akhala akuphika mikate ya chimanga kwa zaka mazana angapo.

Palinso ufa wina woyera mbee, woterera m'zala, umene ndi sitalichi yokhayokha yochotsedwa m'chimanga. Mayiko ambiri olankhula Chisipanishi amautcha *maicena*, dzina lochokera ku kampani ina yotchuka. Anthu a ku Britain amautcha *cornflour*, ndipo womasulira wothamanga akaona mawuwa amalemba *harina de maíz*, chonsecho mwini wake amanena *maicena*. Zikasemphana chonchi msuzi umene umayenera kukhala wosalala umadzaza misere, ndipo zikasemphana mobwerera, buledi amatuluka wonanda.

Womasulira waluso sasiya mzerewu ndi mawu atatu okha. Kwa wophika wa ku Mexico amalemba kuti *harina de maíz amarillo, no nixtamalizada*, kutanthauza ufa wachikasu umene sunadutse m'laimu. Kwa wa ku Argentina amalemba *polenta* n'kuonjezera kuti ikhale yosalala ndithu, osati yophikidwa kale. Mawu owonjezerawa munalibe m'Chingerezi, koma popanda iwo malangizowo sagwira ntchito.

Batala, chotupitsa ndi mkaka wosasa

Za batala zanenedwa kale: ku Spain ndi ku Mexico ndi *mantequilla*, ku Argentina ndi ku Uruguay ndi *manteca*. Koma mzere womwewo uli ndi vuto lina. Ku United States batala amagulitsidwa m'timitanda tofanana, kalikonse kolemera magalamu 113, ndipo olemba malangizo amangoti kamtanda kamodzi, podziwa kuti aliyense amvetsa. Ku Mexico kulinso timitanda totere, totchedwa *barra* kapena *barrita*, koma kambiri kamalemera magalamu 90. Womasulira akalemba *una barra de mantequilla*, mawu ake ndi olondola, koma wophika ataya magalamu 23, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a batala yense, ndipo bulediyo atuluka wouma. Ku Argentina batala amabwera m'mapaketi a magalamu 100 ndi 200, pamene ku Spain ambiri ndi a 250. Njira yokhayo yotetezeka ndi kulemba kulemera kwake: magalamu 113, kapena 115 pofuna kuti nambala ikhale yosavuta kuwerenga pasikelo.

Chotupitsa ndiye chimagwetsa anthu ambiri. Ku Spain pauda wotupitsa makeke amatchedwa *levadura química* kapena *levadura en polvo*, ndipo ophika ambiri amangofupikitsa kuti *levadura*. Umagulitsidwa m'timapepala, ndipo kapepala kodziwika kwambiri kamakhala ndi magalamu 16, motero malangizo a ku Spain amakonda kunena kuti *un sobre*, kapepala kamodzi. Koma ku Mexico ndi ku Argentina *levadura* ndi yisiti, yamoyo ija yotupitsira buledi. Pauda amautcha *polvo para hornear* kapena *polvo de hornear*.

Zinthu ziwirizi zimagwira ntchito mosiyana kwambiri. Pauda umatulutsa mpweya ukangonyowa ndiponso ukatenthedwa, n'chifukwa chake phala limalowa mu uvuni nthawi yomweyo. Yisiti imafuna ola lathunthu kapena kuposa pamalo ofunda kuti iyambe kutupitsa. Wophika wa ku Mexico amene wawerenga *levadura* n'kuthira yisiti, kenako n'kuika phala mu uvuni monga malangizo akunenera, amatulutsa chinthu chaphwatalala, cholimba ngati njerwa. Palinso soda, amene m'Chisipanishi ndi *bicarbonato*. Mphamvu yake ndi yoposa ya pauda katatu kapena kanayi, choncho akalowa m'malo mwa pauda pa muyeso womwewo, chakudya chimawawa ndipo chimamveka sopo m'kamwa.

Mkaka wosasa wa ku Amereka uli ndi vuto la mtundu wina: dzina lilipo, koma chinthucho n'chosowa. Madikishonale amautcha *suero de mantequilla* kapena *suero de leche*, koma m'masitolo ambiri a ku Madrid, Mexico City kapena Buenos Aires si chinthu chimene munthu amangochipeza pashelefu iliyonse. Komanso *suero de leche* angamveke ngati madzi otsala popanga tchizi, omwe ndi opyapyala kwambiri. Pamenepa womasulira amaika kamzere kofotokoza njira ina: mkaka wamba wokwana kapu, kuthiramo sipuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga, n'kudikira mphindi 10 kuti uyambe kugwirana.

Ndiye kamzere kameneka nakonso kali ndi msampha. Ku Spain *limón* ndi ndimu lachikasu lija, ndipo lobiriwira laling'ono ndi *lima*. Ku Mexico *limón* ndi lobiriwira laling'onolo, ndipo wofuna lachikasu amayenera kunena kuti *limón amarillo*. Pa kusasitsa mkaka lililonse ligwira ntchito, choncho womasulira angapitirire. Koma pa keke imene kukoma kwake kumadalira khungu la ndimu lachikasu, ayenera kutchula mtundu.

Chomaliza pa mndandanda ndi chimanga chachiwisi, mondokwa. Ku Mexico ndi *elote*, liwu la Chinawatulu. Ku Argentina, Chile ndi Peru ndi *choclo*, liwu la Chikechuwa. Ku Venezuela ndi *jojoto*, pamene ku Spain amangoti *maíz dulce*, ndipo ambiri amagula cham'chitini.

Msika wonse uli choncho

Kusiyana kotereku sikuli pa buledi wa chimanga pokha. Nyemba ku Mexico ndi *frijoles*, ku Spain *judías* kapena *alubias*, ku Argentina ndi ku Chile *porotos*, ku Dominican Republic ndi ku Puerto Rico *habichuelas*, ndipo ku Venezuela nyemba zakuda ndi *caraotas*. Wophika wa ku Colombia akawerenga *habichuelas* amakagula zitheba, zimene ku Mexico ndi *ejotes* ndipo ku Argentina ndi *chauchas*. Mtedza ndi *cacahuate* ku Mexico, *cacahuete* ku Spain, ndi *maní* ku South America ndi ku Caribbean. Mapeyala ndi *aguacate* kumpoto koma *palta* ku Peru, Chile ndi Argentina.

Oopsa kwambiri si mayina achilendo. Munthu akaona liwu limene sakulidziwa amaima n'kufunsa. Oopsa ndi mawu odziwika amene tanthauzo lake linasintha powoloka malire, chifukwa wophika amapitirira ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wamva. *Tortilla* ku Spain ndi mazira okazinga pamodzi ndi mbatatesi, chakudya chochindikala chodulidwa ndi mpeni. *Torta* ku Argentina ndi keke ya tsiku lobadwa, pamene ku Mexico ndi buledi wodula pakati woikamo nyama. *Pimentón* ku Spain ndi ufa wofiira wa tsabola wouma, umene amayeza ndi sipuni, koma ku Colombia ndi ku Venezuela ndi tsabola wamkulu wosawawa uja, wodula m'ndiwo. Chapakati pa Mexico phwetekere wofiira ndi *jitomate*, ndipo *tomate* ndi kachipatso kena kobiriwira kowawasa, kokutidwa ndi kakhungu konga pepala. Msuzi umene umayenera kufiira ungathe kutuluka wobiriwira chifukwa cha zilembo ziwiri zokha.

Kapu ya ndani?

Mayina akatha, pamabwera miyeso. Chizolowezi choyeza chilichonse ndi kapu ndi sipuni zosalazidwa pamwamba chinakhazikika ku United States, ndipo buku la Fannie Farmer la mu 1896 linathandiza kwambiri kuchifalitsa. Kapu ya kumeneko si kapu iliyonse ya m'kabati. Ndi muyeso wokhazikika wa mamililita pafupifupi 237, umene ambiri amaukweza kufika pa 240.

Ku Mexico ophika anazolowera *taza*, ndipo makapu oyezera amapezeka paliponse, motero womasulira angasiye makapu monga alili. Ku Spain n'kosiyana. Ophika makeke amayeza ndi sikelo, ndipo akafuna chiwiya amatchula *vaso*, tambula yomwera madzi, imene nthawi zambiri imakhala ya mamililita pafupifupi 200. Keke yotchuka kwambiri m'mabanja a ku Spain, *bizcocho de yogur*, imayezedwa ndi kabotolo ka yogati ka magalamu 125: kabotolo kamodzi ka mafuta, tiwiri ta shuga, titatu ta ufa. Wophika wozolowera zimenezi akawerenga *una taza* amatenga kapu imene ili pafupi, mwina ya khofi yaing'ono, mwina ya tiyi yaikulu.

Wina angaganize kuti palibe vuto malinga ngati zonse zayezedwa ndi chiwiya chimodzi. Koma si zonse zimene zimalowa m'kapu. Mazira awiri amakhalabe awiri, batala amakhalabe magalamu 113, ndipo pauda amakhalabe sipuni imodzi. Ufa ndi mkaka zikachepa chifukwa tambula ndi ya 200 m'malo mwa 240, mafuta ndi chotupitsa zimachuluka poyerekeza ndi ufa, ndipo buledi amatupa msanga kenako n'kugwa pakati.

Choncho kwa wophika wa ku Spain ndi wa ku Argentina makapu amasandutsidwa magalamu, ndipo apa m'pamene pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa kapu imayeza malo, osati kulemera. Kapu ya ufa wa tirigu imalemera magalamu 120 mpaka 125. Kapu yomweyo ya shuga imalemera 200. Ya ufa wa chimanga wokhakhala imafika cha m'ma 150. Womasulira amene waloweza kuti kapu ndi 240 n'kulemba magalamu 240 a ufa wa tirigu, wawirikiza ufa kawiri. Mu buledi wathu, mzere wa ufa wa tirigu ukhala magalamu 125, wa shuga magalamu 50, wa mkaka mamililita 240.

Masipuni ndi osavuta, koma kulakwitsa kwake kumapweteka. Sipuni yaikulu, *cucharada*, ndi mamililita 15. Yaing'ono, *cucharadita*, ndi mamililita 5. Pofupikitsa amalemba *cda.* ndi *cdta.*, ndipo kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi. Chilembocho chikagwa potayipa, theka la sipuni ya mchere limachuluka katatu. Pa chifukwa chimenechi akonzi ambiri amakonda kulemba mawuwa athunthu. Malangizo ochokera ku Australia amafunanso diso lina, chifukwa sipuni yaikulu ya kumeneko ndi ya mamililita 20.

Ngakhale manambala enieniwo salembedwa mofanana. Ku Spain ndi ku Argentina kilogalamu imodzi ndi theka imalembedwa 1,5 ndipo kadontho kakhala kakugwiritsidwa ntchito polekanitsa masauzande, moti 1.500 g ndi magalamu 1500. Ku Mexico amalemba 1.5, ndipo kwa iwo 1.500 g ingawerengedwe ngati galamu imodzi ndi theka. Womasulira wosamala amapewa zizindikiro zonse ziwiri pamene angathe, n'kulemba 1500 g kapena *un kilo y medio*. Paundi nayo ili ndi zake: ya ku Amereka ndi magalamu 454, koma pamsika wa ku Colombia *libra* ndi theka la kilogalamu.

Moto wa mu uvuni

Madigiri 400 a m'malangizo aja ndi a muyeso wa Fahrenheit. Ku Spain ndi ku Argentina amagwiritsa ntchito Celsius, ndipo mauvuni a m'nyumba safika n'komwe pa 400, ambiri amalekezera cha m'ma 250. Wophika akaona 400 popanda chilembo, amapotokola mpaka kumapeto, ndipo buledi amapserera kunja m'kati muli muwisi. Masamu osinthira ndi awa:

```
°C = (°F − 32) × 5 ÷ 9
```

Pa 400 yankho ndi 204, ndipo womasulira amalemba 200, chifukwa palibe uvuni wa m'nyumba umene ungasiyanitse madigiri anayi. Pa 350, nambala yofala kwambiri m'makeke a ku Amereka, yankho ndi 177 ndipo amalemba 180. Ku Spain mauvuni ambiri ndi amagetsi okhala ndi fani yozunguliza mpweya, ndipo m'mauvuni otere kutentha kumatsitsidwa ndi madigiri 20. Ku Argentina nyumba zambiri zili ndi mauvuni a gasi opanda manambala, motero mabuku a kumeneko akhala akulankhula za *horno suave*, *horno moderado* ndi *horno fuerte*, moto wochepa, wapakati ndi waukulu. Wapakati ndi pafupifupi 180, ndipo buledi wathu angalembedwe kuti *horno moderado a fuerte*, nambala ili pambali.

Mzinda wa Mexico City uli pamtunda wa mamita 2,240 kuchokera pa nyanja yamchere, Bogotá pa mamita pafupifupi 2,600, ndipo La Paz ndi wokwera kuposa pamenepo. Pamalo otere mpweya ndi wopepuka. Madzi amawira asanafike madigiri 100, ku Mexico City cha m'ma 92, motero nyemba zimachedwa kupsa. Makeke amatupa mofulumira kwambiri ufa usanagwire, kenako amagwa. Malangizo olembedwa m'mphepete mwa nyanja sanena kanthu za zimenezi. Womasulira sasintha miyeso ya mwini wake mwakachetechete, koma angapemphe mkonzi kuti alole kamzere kochenjeza ophika a kumapiri kuti achepetseko pauda.

Mawu a zochita za manja

Gawo lachiwiri la malangizo limauza wophika chochita, ndipo funso loyamba ndi la ulemu. Chisipanishi chili ndi njira zingapo zouzira munthu kuti asakanize. *Mezcle* ndi yaulemu, yolankhula ndi munthu amene simunazolowerane. *Mezcla* ndi ya pachibale. *Mezclá* ndi ya ku Argentina ndi ku Uruguay, kumene m'malo mwa *tú* amati *vos*. *Mezclamos* ndi "tikusakaniza", imene ophika a ku Spain amaikonda, ngati kuti wolemba waima pambali pa wophika. *Mezclar* ndi "kusakaniza" chabe, yosaloza munthu, ndipo ndi imene ofalitsa mabuku amathamangira akafuna kugulitsa m'mayiko ambiri. Iliyonse ndi yovomerezeka, koma ikasankhidwa iyenera kukhala yomweyo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Kenako pali mawu amene Chingerezi chimanena ndi liwu limodzi koma Chisipanishi chimafuna chiganizo. Malangizo a buledi wathu amati maso a chimanga alowetsedwe m'phala ndi liwu loti *fold*, limene tanthauzo lake lodziwika ndi kupinda. Womasulira akalemba *doblar*, wophika amadabwa kuti phala alipinda bwanji. Chimene chikufunika ndi kutembenuza pang'onopang'ono, kutenga zapansi kubweretsa pamwamba, kuti mpweya usathawe, ndipo m'Chisipanishi amati *incorporar con movimientos envolventes*. Wophika akamenya phalalo mwamphamvu m'malo motembenuza, ufa wa tirigu umayamba kutamuka ndipo buledi amalimba.

Pa kukazinga, Chisipanishi ndiye cholemera. *Freír* ndi kukazinga m'mafuta ambiri otentha. *Saltear* ndi kukazinga mwachangu pamoto waukulu, mafuta ochepa. *Sofreír* ndi *rehogar* ndi kukazinga pamoto wochepa. Anyezi wophikidwa modekha mpaka afewe osafiira, ku Spain amati *pochar*, ku Mexico amati *acitronar*. Kumenya zoyera za mazira mpaka zitaima, ku Spain ndi *a punto de nieve*, pamene ku Mexico ndi *a punto de turrón*. Kubwatitsa pang'onopang'ono kulibe liwu limodzi, amati *cocer a fuego lento*, ndipo womasulira amene walemba *hervir* yokha wauza wophika kuti awiritse mwamphamvu, msuzi n'kuuma nyama isanafewe.

Pali liwu limodzi limene womasulira aliyense amaphunzira msanga. Ku Spain *coger* ndi kutenga, ndipo limamveka m'khitchini mphindi iliyonse. Ku Mexico ndi ku Argentina ndi mawu olaula. Buku lopita kumayiko amenewo limagwiritsa ntchito *tomar* kapena *agarrar*.

Buku limodzi la mayiko onse

Kusindikiza buku katatu kumadula, choncho ofalitsa ambiri amapempha chimene amachitcha *español neutro*, Chisipanishi chosakondera dziko. Womasulira amasankha liwu lomveka kwa ambiri, monga *mantequilla* ndi *maíz*, amaika magalamu ndi makapu pamodzi, ndipo kumapeto kwa buku amaika mndandanda wa mayina a dziko ndi dziko. Pomuthandiza pali *Diccionario de americanismos*, dikishonale ya mawu a ku Amereka imene mgwirizano wa makomiti oyang'anira Chisipanishi unatulutsa mu 2010. Njirayi ili ndi malire ake. Nyemba zilibe dzina lomveka kwa onse, ndipo mzere wodzaza mayina anayi umatopetsa munthu amene manja ake ali mu ufa.

Palinso gulu la owerenga limene limatembenuza malamulo onse a miyeso. Anthu oposa 40 miliyoni ku United States amalankhula Chisipanishi kunyumba. Mauvuni awo ndi a Fahrenheit, batala wawo ndi wa timitanda ta magalamu 113, ndipo m'masitolo amagula m'mapaundi. Kwa iwo, ndiponso kwa anthu a ku Puerto Rico, kusintha 400 kukhala 200 ndiye kulakwitsa, chifukwa madigiri 200 a Fahrenheit safika ngakhale powiritsa madzi. Pamenepa mawu amamasuliridwa koma manambala amasiyidwa.

Ntchito ikatha papepala, njira yodalirika yoiyesera ndi kupereka tsambalo kwa munthu wa m'dziko limene bukulo likupita, amene sanaonepo malangizo a Chingerezi, kuti akagule yekha zofunika n'kuphika. Buledi amene atuluke amaulula pamene pali vuto. Waphwatalala wonunkha yisiti akuloza mzere wa *levadura*. Phala louma lisanalowe mu uvuni likuloza ufa wophikidwa kale. Wouma wonyenyeka akuloza kamtanda ka magalamu 90, ndipo wogwa pakati akuloza kapu yaing'ono kapena kukwera kwa mzindawo. Womasulira amabwerera ku mzere umenewo, n'kukonza dzina kapena nambala, ndipo tsambalo limapitanso kukhitchini kachiwiri lisanatumizidwe kosindikiza.